ZA LUSO LA MANJA: Mmene Tingayesere Wophunzira Kuwotcherera Zitsulo

Sabata ino tikambirana funso limene latifika kuchokera kwa mnzathu wina wogwira ntchito yowotcherera zitsulo pa mgodi. Iye akuti akadzabwerera kwawo afuna kutsegula kashopu ndi kuphunzitsa anyamata, ndipo afunsa kuti, "Kodi ndidzadziwa bwanji kuti mnyamata wadziwadi ntchito, kuti ndimlole kugwira katundu wa anthu?" Funso ili nlabwino ndithu, ndipo likhudza ambiri a inu, pakuti ena mwapatsidwa kale anyamata oti muwaphunzitse, ndipo ena mudzayesedwa inu eni tsiku lina.

Kale mmisiri ankangotenga chitsulo cha wophunzira, nkuchitembenuza kawiri, nkunena kuti "wakhoza" kapena "bwerezanso." Njira imeneyi ili ndi zoipa ziwiri. Choyamba, mnyamata wolephera sadziwa chimene walakwa, ndipo apita akung'ung'udza kuti mphunzitsi amuda. Chachiwiri nchoopsa koposa: maso okha amanyengedwa. Akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo mwambi umenewu ukhala ngati anaunenera msoko wa chitsulo. Msoko ungathe kukhala wosalala ndi wokongola pamwamba, koma pansi pake osagwira konse. Msoko wotere ukakhala pa mtengo wokokera ngolo, udzathyoka tsiku limene ngolo yadzaza chimanga pa mtsetse, ana atakwera pamwamba.

Tsono mankhwala ake ndi zinthu ziwiri zolembedwa mayeso asanayambe: ntchito imodzi yoikika imene onse adzachita mofanana, ndi mndandanda wa zinthu zimene woyesa adzachonga. Tiyeni tipange zonse ziwiri pamodzi.

KUSANKHA NTCHITO YOYESERA

Musayambe ndi kufunsa kuti, "Kodi ndinawaphunzitsa chiyani?" Yambani ndi kufunsa kuti, "Kodi mnyamatayu akachoka pano, adzagwira ntchito yanji masiku onse?" Wowotcherera wa pa shopu yaing'ono apanga mafelemu a zitseko ndi mawindo, mageti, mabedi ndi ngolo. M'zinthu zonsezi msoko umene ubwera kawirikawiri ndi wa pangodya, pamene chitsulo china chaima pa chinzake chogona, monga chilembo cha T chozondoka. Umenewu ndiwo msoko woyenera kuyesa poyamba. Ulinso ndi ubwino wina, wakuti ungathyoledwe ndi nyundo pa vayisi kuti tione za m'kati, popanda makina a mtengo wapatali.

Mukasankha ntchito, lembani zonse zimene wophunzira adzapatsidwa, kuti wina asalandire zofewa ndi wina zolimba. Pepala la ntchito linene motere. Wophunzira aliyense alandira zitsulo ziwiri zaphanthiphanthi za chitsulo wamba, chilichonse chotalika mamilimita 150, m'lifupi mamilimita 75, kuchindikala mamilimita 6. Alandira marodi a mtundu wa E6013 a mamilimita 3.2, ochokera m'paketi imodzi youma. Aimika chitsulo chimodzi pakati pa chinzake chogona pa tebulo, agwiriza kunsonga zonse ziwiri ndi timadontho, ndipo awotcherera mbali imodzi yokha, ulendo umodzi. Pakati penipeni, pamene woyesa walemba ndi choko, aima, nayambanso. Nthawi yake ndi mphindi 45, ndipo aloledwa zidutswa ziwiri zoyeserapo mphamvu ya makina asanayambe.

Mawu onsewa ali ndi chifukwa chake. Tinena mbali imodzi yokha chifukwa msoko wa mbali ziwiri suthyoka pa vayisi, ndipo za m'kati zibisika. Tilamula kuima pakati chifukwa pa ntchito yeniyeni rodi imatha msoko usanathe, ndipo polumikiza pamenepo ndi pamene zilema zambiri zimabisala. Tipatsa zidutswa zoyeserapo chifukwa makina onse safanana: ena ukaika pa 110 apatsa moto wochepa, ena wochuluka, ndipo mmisiri weniweni amayesa kaye. Koma mphamvu ya makina musaiike inu. Kusankha mphamvu ndi gawo la luso limene mukuyesa. Paketi ya marodi imanena malire ake, ndipo kwa rodi ya 3.2 ya mtundu umenewu amakhala pafupifupi maampeya 90 kufikira 130. Wophunzira asankhe yekha m'menemo.

Musanapereke ntchito kwa anyamata, ichiteni inu nokha, kapena mupemphe mmisiri mnzanu aichite potsata pepala lokhalo, inu osamuuza kanthu. Akaima nkufunsa kuti, "Apa mutanthauza chiyani?" dziwani kuti pepala lanu lili ndi bowo, ndipo mulikonze. Mmisiri wozolowera atsiriza ntchito imeneyi pa mphindi zochepa, koma wophunzira afunika nthawi yokwanira kuti asachite mothamanga, pakuti pa mayeso oyamba tikuyesa ubwino wa msoko, osati liwiro.

Chinthu china chimene ife a m'migodi tichidziwa bwino ndi nkhani ya zilankhulo. M'shopu imodzi mungakhale Mchewa, Mshangani, Msuthu ndi Mxhosa. Pepala la ntchito liwerengedwe mokweza m'chilankhulo chimene wophunzira amva, ndipo aonetsedwe chitsanzo chotha kale kuti achigwire m'manja. Tikuyesa manja ake, osati Chingerezi chake.

MMENE MZERE WABWINO UMALEMBEDWERA

Tsopano tifika pa mndandanda wochonga, ndipo apa ndi pamene aphunzitsi ambiri amaphonya. Amalemba mizere monga iyi: "Msoko ndi wabwino," "Wagwira ntchito mosamala," "Ntchito ndi yaukhondo." Mizere yotere ilibe phindu, pakuti chimene chili chabwino kwa inu sichili chabwino kwa ine. Mwangobweza njira yakale ija, koma tsopano mwaiveka pepala.

Mzere wabwino uli ndi zizindikiro zitatu. Unena chinthu chimodzi chokha. Chinthucho chioneka ndi maso kapena chiyezeka ndi rula. Ndipo yankho lake ndi "inde" kapena "iai," popanda "pang'ono." Taonani kusiyana kwake. M'malo molemba kuti "Msoko ndi waukulu bwino," lembani kuti "Msoko wakwera pa chitsulo choima ndi kutambalala pa chogona mamilimita 4 kufikira 6." Anthu awiri okhala ndi rula sangakangane pa mzere wotere. Ndipo chenjerani ndi kamawu kakuti "ndi" pakati pa zinthu zosiyana. Mukalemba kuti "Msoko ndi wowongoka ndi wopanda mabowo," mudzachonga chiyani pamene uli wowongoka koma wamabowo? Gawani mizere iwiri.

Mndandanda ukhale ndi zigawo ziwiri, chifukwa zinthu zina zioneka pamene munthu akugwira ntchito, ndipo zikapita zapita. Simungadziwe poona chitsulo chozizira ngati mnyamata anavala chisoti. Zinthu zina ziyezedwa ntchito itatha. Gawo loyamba lilembedwe motsata ndondomeko ya ntchito, kuti maso a woyesa asamayendeyende pa pepala pamene anayenera kukhala pa wophunzira. Mizere isachuluke. Munthu mmodzi sangapenye zinthu makumi atatu pa msoko umene utha pa mphindi ziwiri.

Nawu mndandanda wa ntchito yathu. Mizere imene ili ndi nyenyezi tidzaifotokoza pambuyo pake.

Zopenya pamene akugwira ntchito:

1. * Asanayatse moto wavala chisoti cha galasi lakuda la nambala 10 kapena 11, magolovesi achikopa, ovolosi ndi nsapato zotseka.
2. * Asanayatse makina wayang'ana mawaya kuti sanasupuke ndi kuti pamene waima mpouma.
3. Wapala dzimbiri ndi mafuta mpaka chitsulo kuyera, mamilimita 20 kuchokera pangodya.
4. Atagwiriza nsonga ziwiri, mpata pakati pa zitsulo suposa milimita imodzi.
5. Ataima pa choko, wagogoda silagi ndi kutsuka ndi bulashi ya waya asanayambenso.
6. * Pogogoda silagi wavala magalasi oyera oteteza maso.

Zoyeza chitsulo chitazizira:

7. Msoko uli mamilimita 4 kufikira 6 pa zitsulo zonse ziwiri, pa malo atatu oyezedwa.
8. Kangalande ka m'mbali mwa msoko sikazama kuposa theka la milimita.
9. Polumikiza paja palibe dzenje, ndipo nthumbira yake siposa msoko wina wonse ndi mamilimita 2.
10. Sikweya ikaikidwa kumbuyo, mpata suposa mamilimita 3 pamwamba pa chitsulo choima.
11. * Palibe mng'alu ngakhale umodzi.
12. * Utathyoledwa, msoko waonetsa kuti unasungunula ngodya yeniyeni kuyambira kuchiyambi mpaka kumapeto.
13. * Pothyoka palibe bowo kapena silagi yoposa mamilimita 2.5, ndipo zonse pamodzi siziposa mamilimita 10.

CHIFUKWA CHA NYENYEZI

Ambiri amawerenga zochonga zonse pamodzi, nati wopeza theka kapena kuposa wakhoza. Pa masamu a kusukulu nzotheka, koma pa chitsulo iai. Mnyamata amene wawotcherera wopanda chisoti adzagona usiku umenewo maso akuwawa ngati muli mchenga, ndipo ubwino wa msoko wake sungafafanize cholakwa chimenecho. Msoko umene sunagwire pangodya udzathyoka, ngakhale zina zonse zili bwino. Chifukwa chake mizere ina siilowa m'chiwerengero: iyenera kukhala "inde" yonse. Imeneyo ndiyo ya nyenyezi, ndipo pa mndandanda wathu ilipo 6. Mizere yotsala ilipo 7, ndipo pa imeneyo wophunzira apeze 5 kapena kuposa. Lamulo limeneli lilembedwe pansi pa pepala, ndipo anyamata alidziwe masiku ambiri mayeso asanafike. Mndandanda suli chinsinsi cha mphunzitsi. Ukhomeni pa khoma la shopu, kuti aziyeza okha ntchito yawo tsiku ndi tsiku.

Wophunzira akaphonya mzere wa nyenyezi wa gawo loyamba, monga kufuna kuyatsa moto nkhope ili pamtunda, woyesa amuimitse pomwepo. Apa pokha ndi pamene woyesa aloledwa kulankhula. Pa zina zonse atseke pakamwa, ngakhale mtima ukumuwawa poona rodi yapendekeka. Mukamuuza kuti "onjeza moto," ndiye kuti mwayesa nzeru zanu, osati zake.

KUYEZA KWAKE

Mzere wa 7 uvuta pang'ono, pakuti msoko ukaikidwa ngodya ibisika, ndipo rula ilibe poyambira. Amene ali ndi geji yoyezera misoko agwiritse ntchito imeneyo. Amene alibe achite motere. Mnyamata akangogwiriza nsonga ziwiri, pamene mukuona mzere wa 4, kandani mzere ndi msomali wakuthwa pa zitsulo zonse ziwiri, mamilimita 20 kuchokera pangodya. Ntchito itatha, yezani kuchokera pa mzere wokandawo kufikira m'mphepete mwa msoko. Mukapeza mamilimita 14 kufikira 16, msoko uli m'malire ake. Yezani malo atatu omwewo kwa aliyense: mamilimita 30 kuchokera kunsonga iyi, mamilimita 30 kuchokera kunsonga inayo, ndi pafupi ndi polumikiza. Mukasiya woyesa kusankha yekha poyeza, adzayeza pabwino kwa amene amkonda ndi poipa kwa amene amuda, ngakhale osadziwa kuti akutero.

Kangalande ka pa mzere wa 8 ndi kamzere kokumbika m'mphepete mwa msoko, makamaka pa chitsulo choima, pamene moto wadya chitsulo osabwezerapo. Kamabwera moto ukachuluka, kapena rodi ikatalikira chitsulo, kapena dzanja likathamanga. Kuipa kwake nkwakuti chitsulo chimapyapyala pamenepo, ndipo mng'alu umayambira pomwepo chikamagwedezeka. Theka la milimita nlovuta kuyeza ndi rula wamba. Tsono sungani m'shopu zitsanzo zitatu zimene munaziyeza kale bwino ndi geji, ngakhale yobwereka: china chokhoza, china cholephera, ndi china chili pa malire penipeni. Woyesa ayendetse chikhadabo pa ntchito ya wophunzira ndi pa chitsanzo cha pa malire, nafanizire.

Mzere wa 10 uyesa ngati mnyamata adziwa khalidwe la chitsulo. Msoko ukamazizira umafupika, nukoka chitsulo choima kuti chiweramire kumbali ya msoko. Wodziwa amachipendeketsa pang'ono kumbuyo pogwiriza, kuti chikakokedwa chifike poongoka.

KUTHYOLA MSOKO

Apa ndi pamene choonadi chimatulukira. Lolani chitsulo chizizire chokha, osachiviika m'madzi. Chongani mizere ya 7 kufikira 11 poyamba, pakuti mukathyola simungayezenso. Kenaka panani chitsulo chogona chija pa vayisi yaikulu, valani magalasi, anthu apatuke, ndipo menyani chitsulo choima kuchokera kumbuyo, kumbali yopanda msoko, kuti chigwere pa msoko wake. Mukamenya motere, ngodya ya pansi ndi imene imatseguka. Msoko ukakana kuthyoka, chekani kamzere kosazama ndi sowo pakati pa nkhope yake m'litali monse, numenyenso.

Tsono yang'anani pothyokapo pa kuwala. Msoko wogwira umathyoka pakati pake, ndipo pothyoka pamaoneka potuwa ndi pokhakhala monsemo, kufikira pangodya penipeni. Msoko wosagwira umadziulula wokha: mudzaona m'mphepete mwa chitsulo muli chiongokere monga anachidulira, mosalala, moto sunafikemo. Pena mudzaona timatumba takuda ta silagi totsekeredwa m'kati, kapena timabowo tozungulira ngati mmene anankafumbwe amaboolera chimanga. Timabowo timeneti kawirikawiri timachokera ku dzimbiri, mafuta, penti kapena marodi achinyezi. Nchifukwa chake tinati marodi achokere m'paketi imodzi youma: mukapatsa mnyamata marodi onyowa, mabowo ake ndi mlandu wanu, osati wake.

Kuthyola kumeneku si nzeru ya kumudzi chabe. Malamulo a ISO 9606-1, amene makampani aakulu amatsata poyesa owotcherera zitsulo, amalola kuyesa msoko wa pangodya poupenya ndi maso ndi kuuthyola momwemu.

TIYESE ANYAMATA AWIRI

Tiyerekeze kuti tayesa anyamata awiri. Pa zitsulo zawo tadinda manambala, osati maina, kuti woyeza asadziwe mwini wake. Wina ndi nambala 4, wina nambala 7.

Nambala 4 ndi mnyamata wofatsa wa dzanja losanjenjemera. Anaopa kangalande, naika makina pa maampeya 90, ndipo sanakankhire nsonga ya rodi m'ngodya. Msoko wake unatuluka wosalala, mizere yake yolingana ngati mamba a nsomba. Gawo loyamba anakhoza lonse. Muyeso unali mamilimita 5, kangalande kanalibe, sikweya inakhala bwino. Aliyense wodutsa akanati uyu ndiye mmisiri. Koma pa vayisi chitsulo chinagwa ndi nyundo ziwiri zokha, ndipo pa mamilimita 60 a msokowo m'mphepete mwa chitsulo munali chidulire, moto sunafikemo. Chitsulo chosungunuka chinangoyala mlatho pamwamba pa ngodya. Marodi a E6013 ali ndi khalidwe limeneli: amapatsa nkhope yokongola mosavuta, koma salowa kwambiri, makamaka moto ukachepa. Nambala 4 wapeza mizere 12 pa 13, koma waphonya mzere wa 12, wa nyenyezi. Sanakhoze.

Nambala 7 anaika makina pa maampeya 120, nagwira rodi pafupi, yoloza pakati penipeni pa ngodya. Msoko wake sunakongole kwambiri. Polumikiza panatuluka nthumbira ya mamilimita 3, ndipo anaiwala kupendeketsa chitsulo, kotero sikweya inaonetsa mpata wa mamilimita 4. Waphonya mzere wa 9 ndi wa 10. Koma pa vayisi msoko unalimbana ndi nyundo mpaka tinacheka ndi sowo, ndipo pothyoka panali potuwa monse, ndi kabowo kamodzi ka milimita imodzi. Wapeza mizere 11 pa 13, nyenyezi zonse 6, ndi 5 pa 7 yotsalayo. Wakhoza.

Taonani tsono: tikanangowerenga zochonga, nambala 4 akanaposa mnzake, ndipo ngolo ya munthu ikanapita kwa iye. Koma taonaninso ubwino wina wa pepala. Nambala 4 sapita kwawo ndi mawu akuti "walephera" okha. Mumuika chitsulo chake chothyoka m'manja, mumuonetsa m'mphepete mosalala muja, nimunena kuti, "Dzanja lako nlabwino. Onjeza moto, fupikitsa rodi, uloze m'ngodya. Uchite misoko khumi, uzithyola wekha, ndipo sabata ya mawa tidzayesanso." Nayenso nambala 7 adziwa zinthu ziwiri zimene ayenera kukonza: poyambanso ayatse moto patsogolo pang'ono pa pamene anaima, abwerere m'kadzenje kaja, napitirire osachedwapo, ndipo aphunzire kupendeketsa chitsulo.

KUYESA MNDANDANDA WENIWENIWO

Mutu umodzi susenza denga. Mndandanda nawonso uyenera kuyesedwa usanayese anthu. Tengani zitsulo zisanu zakale za ophunzira, mupatse amisiri awiri aliyense pepala lake, achonge mosaonana, kenaka mufanizire. Pamene agwirizana, mzere uli bwino. Pamene wina wati "inde" ndi wina "iai," musakangane kuti wolondola ndani: mzerewo ndiwo uli ndi matenda. Mwina mulibe nambala, mwina simunanene poyezera. Ukonzeni, muyesenso.

Mayeso atatha, yang'ananinso mapepala onse pamodzi, mzere ndi mzere. Ngati pa anyamata 10 mwapeza 8 aphonya mzere umodzi womwewo, cholakwa sichili pa anyamata. Kapena simunaphunzitse bwino chinthucho, kapena makina ali ndi vuto, kapena malire mwawaika pothina kwambiri kwa oyamba kumene. Pepala limene liyesa wophunzira liyesanso mphunzitsi wake.

MALIRE A MAYESO AMENEWA

Mawu otsiriza ndi chenjezo. Mnyamata amene wakhoza ntchito imeneyi waonetsa chinthu chimodzi: angathe msoko wa pangodya pa chitsulo wamba cha mamilimita 6 chogona pa tebulo. Sanaonetse kuti angathe msoko wokwera khoma, kapena wa pamwamba pa mutu, kapena wa paipi, kapena wa lata lopyapyala limene limabooka msanga. Uliwonse wa imeneyi ufuna ntchito yake ndi mndandanda wake. Tsono pa kalata imene mumpatsa lembani zenizeni zimene anayesedwa, ndi tsiku lake, osati kungoti "adziwa kuwotcherera." Ndipo mayeso a m'shopu mwanu salowa m'malo mwa setifiketi ya boma. Ku South Africa mayeso a umisiri amachitikira m'malo ovomerezeka monga INDLELA ku Olifantsfontein, ndipo ku Malawi maphunziro a ntchito zamanja amayang'aniridwa ndi bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1999. Mayeso anu ndi makwerero okonzekeretsa mnyamata kukafika kumeneko. Pa mgodi, zitsulo zonyamula katundu wolemera kapena anthu zisakhudzidwe ndi munthu amene sanayesedwe ndi kuloledwa pa ntchito yeniyeniyo, ngakhale msoko wake ukongole chotani.

Inu amene mwagula makina osokera kuti mukakhale atelala kwanu, musaganize kuti takuiwalani. Njira ndi yomweyi, ndipo sabata ya mawa tidzapanga mndandanda woyesera mnyamata wosoka kabudula wa kaki, kuyambira pa kudula nsalu kufikira pa kuika zipi. Amene muli ndi mafunso, lemberani kwa Mkonzi monga mwa masiku onse. Gwirani ntchito mosamala, ndipo tsalani bwino.

Ndine wanu,
MMISIRI MNZANU